Firiji Yobisidwa kwa Abwenzi

Firiji inafika kwa a Florentino tsiku limene iwo ndi akazi awo a Zefa anakadalitsitsa ukwati wawo ku tchalitchi, ana onse atakula kale. Anabwera nayo ndi a Felizarda, mkulu wawo wa a Zefa, mayi wa bala ndi nyumba za lendi ku vila, tauni ya Milange. Sanangoitula ngati mphatso zina zija za mbale ndi mabeseni. Anadikira kuti anthu akhute, nyimbo zizimitsidwe, ndiye amuna anayi anaitsitsa pa galimoto itakutidwa ndi nsalu ziwiri za kapulana.

“M'bale wanga wamwa madzi ofunda mokwanira,” anatero a Felizarda atagwira chimkuzamawu. “Iyi ndi yatsopano, yochokera ku Nampula. Kuyambira lero azimwa ozizira ngati anthu.”

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Palibe amene anafunsa kuti magetsi achokera kuti, chifukwa kufunsa zotero pa chikondwerero n'kupanda ulemu. Mudzi wawo uli mkati mwenimweni mwa dera la Mongue, kumene mapolo a magetsi anthu amangowamva m'nkhani.

Motero firiji inalowa pabalaza n'kukhazikika. Inali ya mtundu wogona uja, yaitali, yoyera, ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. A Zefa anayalapo kansalu ndi kuikapo maluwa apulasitiki. A Florentino, amene anaphunzitsa ana zaka zambiri mpaka kupuma ntchito, ndipo mudzi wonse unkawatchula kuti a Pulofesa, ankadzigunda nayo bondo m'mawa uliwonse. A Felizarda akabwera kudzacheza ankaisisita n'kufunsa kuti, “Ikukutumikirani bwino, alamu?”

“Kwambiri, alamu,” ankayankha a Pulofesa. “Chibwerereni sinatizimirepo ngakhale kamodzi.”

Zinthu zinasintha mwana wawo wa ku Quelimane atawatumizira foni yogwira pagalasi. A Pulofesa anaiphunzira foniyo ngati akukonzekera mayeso. Mawu aliwonse a Chipwitikizi otuluka pagalasipo ankawawerenga mokweza, nthawi zina n'kuwakonza. Netiweki inkagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo pachulupo ndi pamene anatulukira kuti mkati mwa Fesibuku muli msika. Anthu ankagulitsa njinga zamoto, nsapato, mbuzi, malata, ndi masola. Pa masolapo ndi pamene mtima wawo unaima, pakuti anali atatopa kupalasa njinga kukatchajitsa foni kumsika.

“Amayi,” anatero masana ena a Zefa akutong'ola chimanga pakhonde, “maliro ali pabalaza aja tiwaike.”

“Mwayamba kudwala mutu? Mana, mkulu wanga, akamva?”

“Amva bwanji? Bwerani muone sayansi.”

A Zefa anapukuta manja n'kuwatsatira kuchulu. A Pulofesa anali ataijambula kale firiji, atachotsa maluwa. Anaika zithunzi, analemba dzina la katundu ndi mtengo. Pofunsa za mmene katunduyo alili anasankha mawu akuti *Novo*, watsopano, pakuti chinthu chimene sichinayatsidwepo chingakalambe bwanji? Pa malo anasankha Milange.

“Ndiye anthu adziwa pakhomo pathu?” anafunsa a Zefa.

“Ayi. Onani mapuwa. Akungoonetsa chibwalo chozungulira, dera lonse, osati nyumba. Nambala yanga ya foni sioneka pokhapokha nditailemba ndekha. Wofuna kugula andilembera uthenga momwemu.”

“Nanga dzina?”

“Dzina lioneka, ndi chithunzi changa. Koma taonani apa.” Analoza kabatani kolembedwa kuti *Ocultar dos amigos*. “Kubisira abwenzi. Ndikakhudza apa, amene ali abwenzi anga pa Fesibuku malondawa sawaona pamsikapo. Mkulu wanu ndi bwenzi langa. Ndi ubwenzi wokhawo umene wandipindulirapo.”

Foni inafunsanso ngati akufuna kuti malondawo aikidwe m'magulu ogula ndi kugulitsa a m'boma lonse. Apa a Pulofesa anaseka ngati munthu amene waona msampha masana. A Felizarda anali m'magulu onsewo, ndipo zoikidwa m'gulu aliyense wa m'gulumo amaziona, bwenzi kapena ayi. Sanasankhe gulu ngakhale limodzi.

“Otsala ndi achilendo okhaokha,” anatero. “Wachilendo dzina langa apita nalo kuti?”

A Zefa anayang'ana foniyo, anayang'ana amuna awo, n'kubwerera ku chimanga chawo. Sananene kuti avomera. A Pulofesa anazolowera kuwerenga kukhala chete ngati kuvomera, monga ankachitira m'kalasi.

Oyamba kulemba anali anthu a nthabwala. Wina anafuna kusinthanitsa ndi mbuzi yabere. Wina wa ku Mocuba anati aitumize kaye pa basi, ndalama zitsatira. Kenako kunabwera uthenga wa munthu wina dzina lake Cláudio. A Pulofesa anaona chithunzi chake, mnyamata wamkulu ndithu wa ndevu zometa bwino, ataima pafupi ndi kauntala. Cláudio anati watsegula kashopu ku vila ndipo akufuna kumagulitsa nsomba zozizira za karapau. Anafunsa kukula kwake, anafunsa ngati ili ndi dzimbiri. Mtengo anangoutsitsa pang'ono, mwaulemu. Uyu ndiye wogula weniweni, anaganiza a Pulofesa.

Patapita masiku angapo mafunso a Cláudio anasintha kakomedwe.

“Koma bambo,” unatero uthenga, “chinthu chabwino chotere mukuchigulitsiranji?”

A Pulofesa anakhala pansi pachulu paja. Funso limeneli anali atalidikira chitsitsireni firiji pa galimoto. Pamudzi sakanayankha, chifukwa mawu a pamudzi amakwera njinga n'kukafika ku vila tsiku lomwelo. Koma uyu anali wachilendo.

“Mwana wanga,” analemba, “inali mphatso. Pali anthu ena amene amapereka kuti dzanja lawo lioneke, osati kuti wolandira athandizike. Munthu wanzeru zake kubweretsa firiji kumene ngakhale ziphaniphani zimawala mosunga.”

“Ndiye wopatsayo ndi wopusa?”

“Kupusa ayi. Ndi mayi woti akadzamwalira adzadzuka kuti alankhulepo pa maliro ake, poopa kuti ena sangamutame mokwanira.”

Anauwerenganso uthengawo kawiri, n'kudzimvera chisoni kuti luso lotere lathera kuphunzitsa ana kuwerenga mawanga a nkhanga. Cláudio anayankha ndi tinkhope toseka tambirimbiri, n'kupempha zina. A Pulofesa sanaumire. Ananena za mawigi, za mafuta onunkhira amene amafika pakhomo mwini wake asanatsike galimoto, za kalankhulidwe ka Chipwitikizi kothyoka miyendo. Pomaliza anatumiza nambala yawo ya foni ndi malongosoledwe a njira: kupitirira msika, kukhota pa mtengo wa mango wopserera mbali imodzi, kufunsa kwa a Pulofesa. Zimene Fesibuku inabisa, iwo anazipereka ndi manja awiri.

Loweruka m'mawa anavala malaya ositidwa. Anaitana aneba awiri kuti athandize kutulutsa firiji, n'kuiika pansi pa mtengo wa peyala. A Zefa anaipukuta komaliza. Dzuwa litakwera kunamveka galimoto ikulimbana ndi maenje, ndipo posakhalitsa kagalimoto koyera kotseguka kumbuyo kanaima pabwalo. Kumbuyo kunali jenereta yaing'ono yomangidwa ndi zingwe. Woyendetsa anatsika, ndevu zometa bwino zija, maso ali pansi.

Chitseko chinacho chinatseguka. Choyamba kufika chinali fungo la mafuta onunkhira aja.

“Mwadzuka bwanji, alamu?” anatero a Felizarda, akukonza wigi. “Tinapeza mosavuta. Mango wopserera uja mwaulongosola bwino. Uphunzitsi suchoka m'magazi.”

A Pulofesa anayang'ana a Felizarda, anayang'ana Cláudio.

“Mana, takulandirani,” anatero a Zefa, akutulutsa mpando. “Simunanene kuti mubwera.”

“Ndinanena. Mlungu wonsewu ndakhala ndikucheza ndi amuna ako.”

A Pulofesa anatembenukira kwa Cláudio. “Iwe, chachitika n'chiyani? Ine ndinabisa. Ndinakhudza kabatani!”

“Pepani bambo,” anatero Cláudio akukanda m'khosi. “Kabataniko kanagwira ntchito. Iwowa pa foni yawo malondawo sanawaone. Koma ine sindine bwenzi lanu, ndinaona zonse. Ndipo munthu sungawotche mafuta ulendo wonsewu osamuyang'ana kaye wogulitsa, akuba achuluka. Ndinakhudza dzina lanu. Ndinaona chaka chimene munalowa pa Fesibuku, ndinaona kuti palibe amene anakuyamikiranipo kapena kukudandaulani pa malonda, ndipo katundu wanu ndi mmodzi yekhayu. Ndiye ndinalowa patsamba lanu lenilenilo.”

“Tsamba langa ndi la abwenzi!”

“Zina ndi za abwenzi. Koma chithunzi chachikulu cha pamwamba chija aliyense amachiona.”

A Pulofesa anatseka maso. Chithunzicho anachisankha okha, chifukwa suti inawakhala bwino tsiku la ukwati lija. Iwo anaima kumanzere, a Zefa kumanja, ndipo pakati, monga mwa nthawi zonse, panali a Felizarda, dzanja lili pa firiji.

“Ndipo pansi pake,” anapitiriza Cláudio, “panalembedwa kuti ine ndi inu tili ndi bwenzi mmodzi. Dona Felizarda. Kashopu kanga ndimachita lendi kwa iwowa. Ndinangopita kukafunsa kuti, amayi, bambo awa mumawadziwa, ndi okhulupirika? Basi. Foni anandilanda. Za mtengo ndi dzimbiri zija ndinalemba ndine. Zotsatirazo…”

“Zotsatirazo ndinalemba ndine,” anatero a Felizarda. “Ndi Chipwitikizi changa chothyoka miyendo.”

Aneba awiri aja sanachoke. Anali atawonjezekanso, pakuti galimoto siimaima pamudzi popanda mboni. Amayi ochokera kuchitsime anatula zidebe. A Felizarda, amene sanaonepo gulu la anthu n'kulisiya lopanda mawu, anatambasula dzanja, Cláudio n'kuikapo foni. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati kalata ya Paulo Woyera. Anawerenga za dzanja looneka. Anawerenga za ziphaniphani. Atafika pa za kudzuka pa maliro, bambo wina anatsokomola mwamphamvu n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene kutsokomolako kunasanduka chinthu china.

“Ine,” anatero a Felizarda akudziguguda pachifuwa, “amene ndinamubereka Zefayu kumsana pothawa nkhondo, mpaka kuwoloka mtsinje wa Ruo. Ine amene ndinkamusiyira phala langa ku kampu ya othawa nkhondo. Lero ndine wa mawigi.”

Izi zinali zoona, ndipo zinawapweteka a Pulofesa kuposa zonse. Anaona a Zefa akuyang'ana pansi, ndipo anachita manyazi enieni, osati a kugwidwa okha.

“Alamu, ndinalakwa,” anatero. “Pakamwa panandithamangira.”

“Si pakamwa. Ndi chala. Pakamwa pamatha kuterereka, koma chala chimalemba, chimawerenga, kenako chimatumiza.”

Cláudio, amene ankaoneka kuti akufuna nthaka imumeze koma karapau wake akumukumbukirabe, anayamba kumasula zingwe za jenereta. “Poti tafika kale,” anatero, “ndingoiyesa. Ngati ikuzizira, za pabanja mukambirana, ine ndigula kwa amene mugwirizane.”

“Siya zimenezo,” anatero a Felizarda msanga. “Sitinabwerere malonda. Usawononge petulo.”

“Petulo ndi wanga, amayi.”

“Ndati siya.”

A Zefa anadzutsa mutu. Ankawadziwa mkulu wawo kuyambira ali ana, ndipo liwu limenelo analidziwanso.

“Iyatse, mwana wanga,” anatero. “Zaka zonsezi ndakhala ndikuipukuta. Ndimveko kulira kwake.”

Jenereta inalira, nkhuku zinabalalika. Cláudio analumikiza chingwe. Kanyali kofiira kanayaka pakona, ndipo ana anakuwa ngati aona chozizwitsa. M'mimba mwa firiji munamveka kung'ung'udza, kenako *tche*, kenako zii. Patapita kanthawi inang'ung'udzanso, *tche*, zii. Cláudio anagwada n'kuika khutu kumbuyo kwake. Anadikira, anatsegula chivundikiro, anapisamo dzanja. Anthu anapisamonso manja mmodzimmodzi, ngati akutsanzikana ndi malemu. M'katimo munali mofunda ngati m'thumba la malaya.

“Injini yake siikudzuka,” anatero Cláudio. “Bambo, munalemba kuti ndi yatsopano.”

“Ndi yatsopano! Sinayatsidwepo!”

“Mwaiwononga ndi kuisunga,” anatero a Felizarda. “Chinthu cha magetsi chimafuna magetsi. Mwaisandutsa tebulo la maluwa, ndiye mukudabwa chiyani? Firiji imeneyi ndi yolimba, ku bala kwanga inagwira ntchito zaka ndi zaka osa…”

Anaima. Jenereta yokha ndi imene inapitiriza kulankhula, mpaka Cláudio anaizimitsa, mwina pofuna kumva bwino.

“Ku bala kwanu, mana?” anafunsa a Zefa mofatsa. “Si ija inachokera ku Nampula?”

“Inachokera ku Nampula, inde. Poyamba.”

“Ndiye inafa liti?”

“Sinafe. Inkangovuta kudzuka.”

“Ndiye munati mukaigoneke kwa Zefa, kumene kulibe magetsi oti aiulule.”

“Ndinkati magetsi akamadzafika kuno ndidzakhala nditaikonzetsa! Ndikanabwera chimanjamanja pa ukwati wa mng'ono wanga? Anthu akanati chiyani? Nthawi imeneyo bala inali itatsala pang'ono kutsekedwa, iwe sukudziwa. Ndinaipentetsa ndi ndalama zanga!”

“Penti ndi yabwino,” anavomereza a Zefa. “Sinasuwe.”

A Pulofesa anakonza kolala, ndipo chiganizo chokongola chinayamba kudzipanga m'mutu mwawo, chokhudza manda opaka njereza. Anakweza chala.

“Inu khalani chete,” anatero a Zefa osawayang'ana n'komwe. “Mwalemba zokwanira.”

Chala chinatsika.

A Felizarda anakana chakudya, anakana ngakhale madzi, ponena kuti sangamwe ofunda. Cláudio anamangirira jenereta yake n'kunena chapansipansi kuti mwina ayamba wagulitsa sopo. Galimoto inabwerera m'maenje ake. Aneba anabalalika mofulumira, aliyense ali ndi katundu wa nkhani wokatula kwina, ndipo panalibe amene anatsala kuti athandize kubwezera firiji m'nyumba. Inakhala pansi pa peyala pomwepo.

Madzulo ake a Zefa anawaperekeza amuna awo kuchulu n'kuima pambali pawo mpaka atasintha malondawo. Mawu akuti *Novo* anachoka. Analemba kuti ndi yogwiritsidwa kale ntchito, siizizira, ikufuna mmisiri. Mtengo unagwa ngati papaya lakupsa. Chithunzi chachikulu cha ukwati chinalowedwa m'malo ndi cha phiri la Tumbine, limene silidziwana ndi munthu aliyense. Patapita milungu ingapo mmisiri wina wa ku Majaua anadzaitenga pa ngolo kuti akachotsemo zitsulo. Ndalama zake sizinakwane sola. Zinakwana tochi yabwino ndithu.

A Felizarda sanaimbe foni. Chimene anachita n'kuwachotsa a Pulofesa pa mndandanda wa abwenzi awo, ndipo anatuma munthu kudzanena kuti awachotsa, poopa kuti mwina sazindikira.

A Pulofesa sanasiye kuyendera msika uja, pakuti kuyang'ana masola sikulipiritsa. Tsiku lina m'mawa, akutsetsereza chala pakati pa matayala ndi mafoni osweka, anaona tebulo. Linali la mbawa, miyendo yozokota, ndi mipando yake inayi. Anakuza chithunzicho. Tebulo limenelo analidziwa bwino: iwo ndi a Zefa anagulitsa nandolo wa chaka chathunthu kuti mmisiri alipange, mphatso yawo pamene a Felizarda ankatsegula nyumba yatsopano. Pansi pake panali dzina la wogulitsa ndi nkhope yake, wigi ndi zonse. Malondawo anali ataikidwa kalekale.

Anatsika chulu mothamanga kuposa msinkhu wawo.

“Amayi! Bwerani muone! Nawonso mkulu wanu ankakadziwa kabatani kaja. Nthawi yonseyi ankandibisira monga bwenzi. Tsopano poti andichotsa, ndine wachilendo, ndikuona zonse!”

Anakhudza dzinalo, ndipo katundu yense wa a Felizarda anandandalikana: tebulo lija, mawigi awiri, sipika ya bala, ndi kapulana zitatu zosavalidwa. A Zefa anaziyang'anitsitsa kapulanazo. Ziwiri mwa izo anali atawagulira okha mkulu wawoyo pa Khirisimasi.

“Alemba kuti chiyani pa tebulopo?” anafunsa.

A Pulofesa anawerenga, n'kumasulira monyinyirika. “Akuti, lolimba koma lachimidzi.”

A Zefa anaseka. Anaseka mpaka anagwira nsanamira ya khonde, misozi ikutsika, ndipo a Pulofesa sanadziwe ngati ayenera kuseka nawo kapena kukatunga madzi.

“Pali pofunsira?” anatero atapuma.

“Pali mawu olembedwa kale, ofunsa ngati katundu akadalipo. Kungokhudza basi. Koma adziwa kuti ndi ine, dzina langa ndi nkhope yanga zioneka.”

“Khudzani.”

Anakhudza. Sanadikire nthawi yaitali, pakuti a Felizarda foni siichoka m'manja. Pansi pa uthengawo panaoneka kuti wawerengedwa. Timadontho tosonyeza kuti munthu akulemba tinavina, tinasowa, tinavinanso.

“Lilipo, alamu,” linatero yankho. “Kwa achibale mtengo ndi womwewo. Mumuuze Zefa kuti Lamulungu ndibwera, aphe nkhuku.”

A Zefa anamva, anapukuta maso ndi nsonga ya kapulana, n'kuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

“Tambala wokalamba uja,” anatero. “Tiyambe kumuphika Loweruka, mwina afewa.”